Ndalama Zili M'foni Koma Netiweki Palibe: Kodi Malonda Angatheke?

Chaka chatha ndinapita kumaliro a malume anga kumudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, kumene netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha cha kuseri kwa tchalitchi. M'foni mwanga munali K60,000, m'thumba munali K2,000 yotsala pa ulendo. Itakwana nthawi yosonkha ya ndiwo za adzukulu, ndinakwera pachulupo monga amachitira aliyense, koma tsiku limenelo mvula inali itagwa usiku wonse, magetsi anali atazima, ndipo foni inangoti zii. Mwini mbuzi amene tinkafuna kumugula anali pomwepo, nayenso foni ili m'manja. Mafoni athu akanatha kugundana, koma ndalama sikanatha kuchoka mwanga kulowa mwake. Mbuziyo tinachita kukongola, a nyakwawa ndiwo anaikira umboni.

Anthu a m'chigawo cha kum'mwera anaziona zoposa pamenepa m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapolo a magetsi ndi kudula misewu. M'madera ambiri netiweki inavuta, ndipo amene ankadalira ndalama za m'foni anasanduka amphawi kwa masiku angapo ndalama ali nazo. Choncho funso lakuti kodi foni ingalipire popanda netiweki si la akatswiri okha. Yankho lake ndi lakuti inde, zimatheka, ndipo m'mayiko ena zayesedwa kale. Koma kuti timvetse mmene zimathekera, tiyambe tavomereza chinthu china chimene ambirife sitichiganizira.

Ndalama zanu sizili m'foni

Timati "ndili ndi ndalama m'foni", koma mukaitsegula foniyo simungazipeze. Ndalamazo zili m'kaundula wa pakompyuta ya kampani, pamzere umene uli ndi nambala yanu. Mukaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa TNM Mpamba, foni yanu imangokhala mthenga. Imatumiza pempho kudzera pa nsanja ya netiweki kukafika kukompyutako, kompyutayo imaona ngati pini yanu ili yolondola ndiponso ngati ndalama zikukwana, kenako imachotsa pamzere wanu n'kuwonjezera pamzere wa mnzanu. Meseji imene nonse mumalandira ndi lisiti chabe la zimene zachitika kutali.

Apa mpamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Njira ya manambala oyamba ndi nyenyezi ija sifuna intaneti, sifuna bandulo, ndipo imagwira pa kafoni ka mabatani. N'chifukwa chake ena amaitcha njira yolipirira popanda intaneti. Koma netiweki imafuna ndithu. Timizere ta pamwamba pa sikirini tikazimiririka, mthenga alibe njira, kaundula sasintha, ndipo ejenti amangokuuzani kuti "netiweki yavuta, mubwere kenako".

Palinso njira ina ya pakatikati. Ku China, wogula amene foni yake ilibe intaneti amatha kuonetsa kachizindikiro ka QR ka Alipay kapena WeChat Pay, kamene kamasinthasintha pakapita kamphindi, ndipo makina a wogulitsa amakawerenga. Zimayenda chifukwa makina a wogulitsayo ali pa netiweki, ndipo ndiwo amafunsa kukaundula m'malo mwa wogula. Zimenezi zimathandiza m'sitolo za m'tauni. Pa chulu cha kwathu sizikanathandiza, chifukwa tonse awiri tinali mumdima. Nkhani yeniyeni ndi ya pamene wogula ndi wogulitsa onse alibe wowafunsira.

Vuto si kulankhulitsa mafoni

Mafoni awiri oyandikana amatha kulankhulana popanda nsanja. Achinyamata amatumizirana nyimbo pa Bluetooth tsiku lililonse ngakhale kudambo. Mafoni ena amakono ali ndi NFC, imene imagwira mukagunditsa mafoni kapena kuwayandikitsa pa masentimita anayi kapena ocheperapo. Foni ina ikhoza kuonetsa chizindikiro cha QR, inayo n'kuchiwerenga ndi kamera. Ngakhale pakamwa pa munthu ndi njira: wina awerenge manambala, mnzake alembe.

Koma taganizirani za nyimbo ija. Mukamutumizira mnzanu, inuyo mumatsala nayo. Mukhoza kuitumiza kwa anthu khumi, onse akhala nayo, inunso muli nayo. Zinthu za mu foni chikhalidwe chake n'choti zimakopedwa popanda kutha. Tsono ndalama ikakhala ngati nyimbo, munthu wa K20,000 akhoza kugula nayo chimanga kwa uyu, feteleza kwa uyo, njinga kwa winanso, ndalama imodzimodziyo. Ndalama ya pepala ilibe vuto limeneli chifukwa ikachoka m'manja mwanu yachoka basi. Kaundula wa kampani alibe vutoli chifukwa ndi mmodzi ndipo amaona zonse. Mukachotsa pepala, n'kuchotsanso kaundula, muyenera kupeza china choletsa ndalama imodzi kugula kawiri. Luso lonse la kulipira popanda netiweki lagona pamenepa.

Chimene akatswiri anapeza ndicho kuika mlonda mkati mwa foni, mlonda amene ngakhale mwini foni sangamulamule. Mlondayo ndi katchipu kotetezedwa, kofanana ndi kachitsulo kagolide kamene mumakaona pa kadi ya kubanki kapena pa simu kadi. Katchipuka ndi kakompyuta kathunthu. Kamasunga chiwerengero cha ndalama, kamasunga kiyi yachinsinsi imene situluka kunja, ndipo kanapangidwa mwakuti kuyesa kukatsegula kuti muone zamkati kumafuna zida zodula ndi luso lalikulu. Foni ikhoza kukapempha kuti "lipira mwakuti", koma singakauze kuti "iwala zoti unalipira". Lamulo lake ndi limodzi ndipo silisintha: kamayamba kachotsa ndalama pa chiwerengero chake, kenako ndiye n'kutulutsa umboni wa malipiro.

Ine ndimakayerekeza ndi bokosi la banki mkhonde lokhala ndi maloko. Bokosilo limagona m'nyumba mwa msungichuma, koma iye sangalitsegule yekha. Katchipu nako kali m'thumba mwanu, koma makiyi ake si anu.

Tigule usipa ku doko lopanda netiweki

Tiyeni tiyerekeze kuti njira yotere ilipo kuno, ndipo titsatire malonda amodzi kuyambira pachiyambi. Mayi wina wogulitsa nsomba ku Lilongwe akupita ku doko lina la kunyanja kumene netiweki sifika. Asanachoke pa boma, pamene timizere tidakali todzaza, akusamutsa K50,000 kuchoka mu akaunti yake kupita m'thumba la mu katchipu. Sitepe imeneyi singachitike popanda netiweki. Kampani ikuchotsa K50,000 pamzere wake n'kuiika pambali m'kaundula, kudikira aliyense amene adzabwere ndi umboni wakuti mayiyu anamulipira. Katchipu kakulandira uthenga wosainidwa ndi kampani, ndipo tsopano kakuti: ndili ndi K50,000. Onani kuti ndalamayo sinachulukitsidwe. Mu akaunti mulibenso, mayiyo sangaitape kwa ejenti. Ili malo amodzi okha.

Kudoko wagwirizana ndi msodzi mtengo wa K18,000. Msodzi akulemba mtengowo pa foni yake, ndipo mafoni akugunditsidwa. Choyamba matchipu awiriwo akuonetsana zitupa. Katchipu kalikonse kali ndi chitupa chosainidwa ndi kampani, chonena kuti aka ndi kenikeni, ndipo kanzake kamatha kutsimikiza siginecha imeneyo popanda kufunsa kulikonse, monga mmene mphunzitsi wamkulu amazindikirira chidindo cha ofesi ya maphunziro popanda kuimba foni kuboma. Kenako katchipu ka msodzi kakutulutsa nambala yatsopano imene sinagwirepo ntchito, n'kuipereka kwa kanzake.

Mayi uja akuona pa sikirini kuti akulipira K18,000, akulemba pini yake, ndipo pini imeneyo ikutsimikizidwa ndi katchipu komweko, osati kampani. Katchipu kakuchotsa K18,000, patsala K32,000. Kakusunthanso kawerengero kake ka malipiro, tinene kuchoka pa 40 kufika pa 41. Tsopano kakulemba kalata yaifupi: ine wakutiwakuti ndalipira uje K18,000, malipiro anga a nambala 41, poyankha nambala yatsopano ija. Kakusaina ndi kiyi yake yachinsinsi n'kutumiza. Katchipu ka msodzi kakuona kuti siginecha ndi yoona, n'kuwonjezera K18,000 pa chiwerengero chake. Zonsezi zimatha munthu asanamalize kumanga thumba la usipa.

Nambala yatsopano ija ntchito yake ndi yaikulu kuposa maonekedwe ake. Popanda iyo, munthu wochenjera akanatha kujambula kalata ya lero n'kudzaitumizanso mawa kwa msodzi yemweyo ngati malipiro atsopano. Koma mawa katchipu ka msodzi kadzatulutsa nambala ina, ndipo kalata ya dzulo sidzagwirizana nayo. Dzina la msodzi lili m'kalatamo kuti isakagwire ntchito kwa munthu wina. Mtengo uli momwemo kuti wina asausinthe panjira, chifukwa kusintha ngakhale nambala imodzi kumaphwanya siginecha.

Patapita masiku atatu msodzi akupita kumsika waukulu, foni yake ikugwira netiweki, ndipo ikutumiza kalata ija kukampani. Kampani ikutenga K18,000 pa ndalama zimene inaika pambali n'kuziika pamzere wa msodzi. Mayi uja kaya wafika pa netiweki kaya sanafike, zilibe kanthu. Kalata ya msodzi ndi yokwanira.

Nanga a mafoni a mabatani?

Zimene ndafotokozazi zimafuna foni yokhala ndi NFC kapena kamera yabwino, ndipo kumene netiweki imasowa n'kumenenso mafoni otere amasowa. Siginecha ya mtundu umene ndatchulawu ndi yaitali. Mutati muilembe m'manambala wamba ikhoza kupitirira manambala 150, ndipo palibe amene angawerengere mnzake zimenezo pamsika.

Amene anaganizira mozama za vutoli ndi gulu la pa Yunivesite ya Cambridge ku Mangalande, lotsogozedwa ndi Pulofesa Ross Anderson pamodzi ndi Khaled Baqer. Njira yawo anaitcha DigiTally, ndipo anaiyesa mu 2016 pa Yunivesite ya Strathmore ku Nairobi, mumzinda umene anthu anazolowera kale M-Pesa. Iwo anagwiritsa ntchito katchipu kopyapyala ngati pepala, komata pamwamba pa simu kadi ya masiku onse. Mukalowetsa simu kadiyo mu foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, pamabwera mndandanda watsopano wotumizira ndi kulandirira ndalama.

M'malo mogunditsa mafoni, anthu awiriwo amawerengerana manambala aafupi. Aliyense amalemba pa foni yake nambala ya mnzake ndi mtengo umene agwirizana. Foni ya wolandira imatulutsa nambala yoyamba, wolipira n'kuilemba mu yake. Ikagwirizana, foni ya wolipira imachotsa ndalama n'kutulutsa nambala yachiwiri, wolandira n'kuilemba mu yake, ndalama n'kulowa. Manambalawa si olota. Amachokera pa masamu osakaniza nambala ya wolipira, nambala ya wolandira, mtengo, ndi chinsinsi chimene matchipu okha amachidziwa. Mayi uja atalemba K1,800 pamene msodzi walemba K18,000, kaya molakwitsa kaya mwadala, nambala yoyambayo ikanidwa ndalama isanasunthe. Ndipo ngati nambala yotsimikizira ili ndi manambala 8, wongoyesa mwamwayi ali ndi mpata umodzi pa 100 miliyoni, pamene katchipu kakhoza kudzitseka munthu akalakwitsa kangapo.

Kwa ine iyi ndi njira yoyenera kuiganizira kwambiri kuno kwathu, chifukwa aliyense amene anakandapo kadi ya mayunitsi kapena kulowetsa manambala a magetsi mu mita ya ESCOM amadziwa kale kukopera manambala. Mita imeneyonso, tikumbukire, imalandira manambala 20 n'kuwatsimikiza yokha ndi kiyi imene ili mkati mwake, ndipo salola kuwagwiritsa ntchito kawiri. Nzeru yake ndi yapachibale. Komabe DigiTally inathera pa kuyesa kwa anthu ochepa, sinasanduke malonda a dziko lonse. Kufupika kwa manambala kuli ndi mtengo wake: njirayi imadalira zinsinsi zogawana pakati pa matchipu, kotero chitetezo chonse chimatsamira pa kulimba kwa katchipuko.

Mlonda akagonja

Palibe katchipu kosatheka kuthyoledwa. Kuli kovuta, kuli kodula, koma kosatheka kulibe, ndipo opanga njirazi amadziwa zimenezi. Tiyerekeze kuti mbava yaluso yatha kukopa katchipu kokhala ndi K50,000 n'kupanga makope khumi. Ikapita m'madoko khumi n'kugula nsomba za K50,000 pa doko lililonse, msodzi aliyense adzaona siginecha yoona, chifukwa kiyi ndi yeniyeni. Palibe chimene msodzi angaone pa sikirini chomuchenjeza. Asodzi khumiwo akadzafika pa netiweki adzafuna K500,000, pamene kampani inaika pambali K50,000 yokha.

Chinyengochi chimagwidwa ndi kawerengero kaja. Kampani ikalandira makalata awiri ochokera ku katchipu kamodzi, onse olembedwa kuti malipiro a nambala 41 koma opita kwa anthu osiyana, imadziwa kuti katchipuko kakopedwa, chifukwa kenikeni sikabwereza nambala. Imakaika pa mndandanda wa matchipu oletsedwa, ndipo foni iliyonse ikagwira netiweki imalandira mndandanda watsopano. Koma taonani kufooka kwake: chinyengo chimadziwika chitachitika kale, ndipo foni imene yatha milungu iwiri kudoko ikuyendera mndandanda wakale.

N'chifukwa chake njira iliyonse yotere imakhala ndi malire, ndipo malirewo si nkhanza za kampani. Ndiwo mpanda woti moto ukabuka usafike patali. Ku India, banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa malamulo a malipiro opanda netiweki mu Januwale 2022. Inalamula kuti malipiro amodzi asapitirire marupi 200, thumba lonse lisapitirire marupi 2,000, malonda akhale a pamaso m'pamaso, ndipo kudzazanso thumbalo kuzichitika pa netiweki munthu atatsimikiziridwa. Mu Ogasiti 2023 malire a malipiro amodzi anakwezedwa kufika pa marupi 500, ndipo mwezi wotsatira anakhazikitsa UPI Lite X, yolipira pogunditsa mafoni a NFC. Anayamba ndi ndalama ya tiyi ndi basi, n'kumakweza pang'onopang'ono ataona mmene zikuyendera. Njira zina zimaikanso malire a nthawi kapena a chiwerengero: katchipu kakalipira kangapo motsatizana, kapena kakatha masiku akutiakuti osaonana ndi kampani, kamakana kulipiranso mpaka katapita kukapereka malipoti.

Pali funso lina limene limasiyanitsa njirazi, ndipo kwa anthu a kumudzi ndi lalikulu. Msodzi uja atalandira K18,000, kodi angagule nayo palafini pa golosale ya padoko pomwepo asanapite pa netiweki? Njira zina zimakana: ndalama yolandiridwa imakhala yomangidwa mpaka kampani itaiona. Zimenezi zimachititsa kuti chinyengo chigwidwe msanga, koma m'mudzi umene netiweki ili pa mtunda wa makilomita 15 ndalama yomangidwa siisiyana kwenikweni ndi ngongole. Njira zina zimalola ndalama kudumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo kangapo, ngati ya pepala. Imeneyo ndiyo yothandiza, koma ndalama yabodza ikalowa imayenda m'manja ambiri isanadziwike. Banki yaikulu ya ku Ghana, poyesa ndalama yake ya eCedi mu 2022, inasankha dera la Sefwi Asafo kuti iyese malipiro opanda netiweki pogwiritsa ntchito makadi a katchipu ndi timakina ta ogulitsa, pofuna kuona mmene anthu a kumudzi angagulitsirane tsiku ndi tsiku popanda kulumikizana ndi likulu.

Zovuta za tsiku ndi tsiku

Mbava yothyola matchipu ndi yosowa. Zimene anthu wamba angakumane nazo ndi zazing'ono, koma zopweteka.

Choyamba ndi malonda oduka pakati. Katchipu ka mayi uja kachotsa K18,000, koma batire ya msodzi yathima kalata isanafike, kapena mafoni asiyanitsidwa msanga. Mayi akuona K32,000 ndipo akuti ndalipira, msodzi akuti sindinalandire, ndipo onse akunena zoona. Njira yopangidwa bwino imasunga kalata yomalizayo kuti itumizidwenso foni ikayaka, ndipo kuitumizanso sikuchotsa ndalama kachiwiri chifukwa nambala yake ndi yomweyo ya 41. Choyenera kuchita n'kutsegula mbiri ya malipiro pa mafoni onse awiri n'kumaliza malonda omwewo. Choopsa n'kuyamba malipiro atsopano, chifukwa pamenepo ndalama ichoka kawiri.

Chachiwiri ndi chinyengo chakale chovala malaya atsopano. Lero akamberembere amaonetsa meseji yabodza kapena chithunzi cha sikirini n'kumati ndatumiza. Popanda netiweki adzapeza chonamizira chabwino: "meseji ibwera netiweki ikabwera, mayi". Wogulitsa adziwe kuti umboni suli pa foni ya wogula ndipo suli mu meseji. Uli pa foni yake iye mwini, m'thumba la katchipu, pamene chiwerengero chiyenera kukwera nthawi yomweyo. Chikapanda kukwera, katundu asachoke.

Chachitatu ndi kutaya foni. Lero foni ikagwera m'madzi mumapita ndi chitupa chanu kukatenga simu kadi ina, ndipo ndalama mumazipeza zili momwemo, popeza sizinali mu foni. Ndalama ya mu katchipu ili mu foni zenizeni. Wotola sangaidye popanda pini, koma kampani singakubwezereni mawa lake, chifukwa ilibe njira yodziwira ngati munali mutalipira kale anthu amene sanafike pa netiweki. Ikakubwezerani K50,000 kenako msodzi n'kubwera ndi kalata yake, yalipira kawiri. Njira imodzi yothetsera zimenezi ndi kuika tsiku lothera mphamvu pa ndalama ya mu katchipu, kuti tsikulo likadutsa popanda wobwera ndi kalata, zotsala zibwerere kwa mwini. Popanda dongosolo lotere, kutaya foni n'chimodzimodzi kutaya chikwama. Momwemonso mukalipira munthu wolakwika: palibe woimbira foni kuti aimitse, popeza kampani sinazione n'komwe.

Sizachilendo kwenikweni kuno

Achikulire ena akumbukira makadi a Malswitch, amene anayamba kuoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anali makadi a katchipu osunga ndalama ndi chidindo cha chala cha mwini wake mkati mwa kadi momwemo, kotero kuti makina ankatha kumuzindikira munthu pamalo pomwepo. Pa nthawi ya njala ya 2006 mpaka 2007, bungwe la Concern Worldwide linagwiritsa ntchito makadi otere ku Dowa popereka ndalama zothandizira mabanja, mogwirizana ndi banki ya Opportunity imene inkayendetsa galimoto yolipirira m'midzi. Kenako kunabwera ndalama za pafoni, zosafuna kadi kapena makina, ndipo zinafalikira chifukwa cha kuphweka kwake. Tinapindula zambiri, koma tinataya kanthu kamodzi: kutha kulipira pamene nsanja yazima.

Kubwezeretsa kanthu kameneko pa foni sikufuna luso lachilendo. Simu kadi iliyonse ndi katchipu kotetezedwa kale. Ku China, kuyambira mu 2023, makampani a mafoni ndi mabanki anayamba kuika thumba la ndalama ya e-CNY mu simu kadi, moti munthu amatha kulipira pogunditsa foni pa makina a wogulitsa ngakhale foniyo itathima. Chovuta chili pa funso la asodzi khumi aja. K450,000 yosowayo alipira ndani? Ngati yankho lili lakuti msodzi, amene anaona siginecha yoona ndipo analibe njira ina iliyonse yodziwira, ndiye kuti njirayo yangosamutsa chiopsezo kuchoka kwa amene ali ndi makompyuta n'kuchisenzetsa amene ali ndi bwato. Amene anapanga katchipu, amene anaika malire, amene amadya kangachepe pa malipiro alionse, ndiye woyenera kusenza katchipuko kakagonja, ndipo Banki Yaikulu ya Malawi iyenera kudzalemba zimenezi momveka njira yotere isanaloledwe.

Tsiku limene kampani ina idzabwere kumudzi kwanu ndi zimkuzamawu kulengeza kuti tsopano mukhoza kulipira popanda netiweki, musathamangire kufunsa za mphatso za olembetsa oyamba. Afunseni ngati zikugwira pa foni ya mabatani, ndiponso ngati zikugwira pamene wogula ndi wogulitsa onse alibe timizere. Afunseni ngati ndalama yolandira mukhoza kuguliranso pomwepo, ndi chimene chimachitika foni ikagwera m'nyanja. Ndipo musawalole kupakira zimkuzamawu zawo asanakuuzeni, pamaso pa a mfumu, amene adzalipire ndalama yabodza ikadzapezeka mu foni yanu.